Mthunzi m'mbali, kuwala pakati: luso la kontuwa pa nkhope yozungulira

Zithunzi za pa ukwati zikabwera kuchokera kwa wojambula, kawirikawiri pamapezeka mperekezi mmodzi amene amaziyang'ana mosakondwa. M'mawa wa tsikulo anakhala pampando nthawi yaitali akumuphoda, koma pachithunzi nkhope yake ikuoneka yotakata kuposa masiku onse. Pa tsaya lililonse padutsa mzere wakuda wopingasa, ndipo kunsi kwa maso kwayera mbuu. Mwiniwake amaganiza kuti vuto ndi nkhope yake. Nthawi zambiri si choncho. Vuto limakhala lakuti womuphodayo anatsata chithunzi cha nkhope ya munthu wina, n'kuika mthunzi ndi kuwala pamalo amene amayenerera nkhope yaitali.

Luso limene linalephereka pamenepa ndi limene m'masaluni amalitcha kontuwa ndi hayilaiti. Kontuwa ndi kudetsa pang'ono mbali zina za nkhope kuti zioneke ngati zalowa mkati. Hayilaiti ndi kuwalitsa mbali zina kuti zioneke ngati zatulukira kutsogolo. Zonse ziwiri zimadalira mmene diso la munthu limagwirira ntchito: chinthu chakuda limachiona ngati chili patali kapena pokumbika, chowala limachiona ngati chili pafupi. Amene anayang'anapo phiri la Mulanje dzuwa lili paliwombo, n'kudzaliyang'ananso litapendeka, amadziwa zimenezi. Masana phirilo limaoneka ngati khoma limodzi, koma madzulo mithunzi ikagwa, zigwembe ndi zitunda zake zonse zimaonekera. Phiri silinasinthe, chasintha ndi pamene pagwa mthunzi.

Nkhope yozungulira imasowa mithunzi yotere. Mafupa ake alipo ngati a wina aliyense, koma mnofu wa m'masaya umawakuta, moti kuwala kumagwa mofanana paliponse. Ntchito ya kontuwa ndi kubwezera mthunzi pamene fupa likanaupanga lokha.

Luso lochokera pa siteji

Kudetsa ndi kuwalitsa nkhope kunayamba ndi ochita zisudzo. Nyale zamphamvu za pa siteji zimafafaniza mithunzi ya pankhope, choncho osewera ankajambula mithunziyo ndi utoto kuti anthu okhala kumbuyo aziona nkhope zawo bwino. Makanema atayamba ku Hollywood, vuto lomweli linabukanso, ndipo mu 1914 Max Factor anapanga mafuta opepuka odzola osewera m'makanema, amene sankang'aluka munthu akaseka kapena kukwinya nkhope. Mu 1997 katswiri wa ku America, Kevyn Aucoin, anatulutsa buku lotchedwa Making Faces, limene linafikitsa njirazi kwa anthu wamba. Koma chimene chinafalitsa kontuwa padziko lonse ndi chithunzi chimene Kim Kardashian anaonetsa anthu mu 2012, nkhope yake ili mizeremizere yakuda ndi yoyera asanaisalaze.

Mbiri imeneyi ili ndi phunziro limodzi lofunika. Kontuwa yolemera ija inapangidwira nyale ndi makamera. Munthu amene akupita ku ofesi, ku tchalitchi kapena ku chinkhoswe cha masana adzaonedwa ndi anthu oima pafupi naye, pa dzuwa lenileni, ndipo zimene zimakongola pa kanema zimaoneka zophathika pamalo otere. Wodzola wa tsiku ndi tsiku amafunika gawo laling'ono chabe la zimene amaona m'makanema ophunzitsa.

Kodi nkhopeyi ndi yozunguliradi?

Ambiri amene amati nkhope yawo ndi yozungulira amangotanthauza kuti ali ndi masaya. Kuti munthu atsimikize, amange tsitsi kumbuyo kapena avale duku losaphimba chipumi, kenako wina amujambule ataima patali pang'ono, kamera ili molingana ndi maso. Chithunzi chodzijambula wekha ndi foni ili pafupi sichithandiza, chifukwa chimakulitsa mphuno ndi pakati pa nkhope. Pachithunzicho ayeze kutalika kuchokera pamene tsitsi limayambira mpaka kunsonga ya chibwano, ndiponso kutakata kuchokera tsaya lina kufika linzake. Ophunzitsa zodzoladzola amati nkhope yowulungika ngati dzira imatalika pafupifupi kamodzi ndi theka poyerekeza ndi kutakata kwake. Yozungulira, miyeso iwiriyi imayandikana kwambiri. Malo ake otakata kwambiri amakhala pa masaya, nsagwada sizikhala ndi ngodya yooneka, ndipo chibwano chimakhala chachifupi. Ngati miyeso ikuyandikana koma nsagwada zili ndi ngodya zakuthwa, imeneyo ndi nkhope ya makona anayi, ndipo imafuna njira ina.

Kuzungulira kwa nkhope si kunenepa. Mkati mwa tsaya lililonse muli kathumba ka mafuta kamene munthu amabadwa nako, ndipo kukula kwake sikuyenderana kwenikweni ndi kulemera kwa thupi. N'chifukwa chake pali atsikana ochepa thupi amene masaya awo ndi odzaza. Nkhope zotere zimachedwanso kuonetsa ukalamba, ndipo palibe chifukwa chozionera ngati cholakwika chofunika kukonza. Kontuwa ndi ya munthu amene tsiku limenelo akufuna kuti mafupa a nkhope yake aonekere.

Pali chinthu chimodzi chosafunika kuphimba ndi zodzola. Nkhope imene yazungulira mwadzidzidzi, kapena imene imadzuka itatupa m'mawa, ikhoza kukhala chizindikiro cha matenda a impso kapena zotsatira za mankhwala ena, monga mapiritsi a prednisolone akamwedwa nthawi yaitali. Zikatero koyamba kupita ndi kuchipatala.

Mtundu woyenera pa khungu lakuda

Apa ndi pamene ambiri amaphonya asanayambe n'komwe kudzola. Malangizo ofala amati chodetsera chikhale chotuwirako, chifukwa mthunzi weniweni suli wofiira. Zimenezi n'zoona pa khungu loyera. Pa khungu lakuda, mtundu wotuwira umaoneka ngati fumbi, ndipo munthu amakhala ngati sanadzole mafuta. Chimene chimagwira bwino ndi mtundu wa khofi wakuda, woderako ndi mashedi awiri kuposa khungu la mwiniwake, wosapendekera kwambiri ku kutuwa kapena ku olenji. Anthu a khungu lakuda kwambiri nthawi zambiri amayanjana ndi mtundu umene uli ndi kufiirira pang'ono mkati mwake. Chodetseracho chisakhale chonyezimira ngakhale pang'ono, pakuti chonyezimira chimabweza kuwala, pamene cholinga n'chakuti malowo alowe mkati.

Poyesa m'sitolo, kuseri kwa dzanja kumanamiza chifukwa mtundu wake umasiyana ndi wa nkhope. Ndi bwino kupaka kachidutswa pa nsagwada, kutuluka panja ndi kagalasi, n'kudikira mphindi khumi kapena kuposerapo. Kudikirako n'kofunika chifukwa mafawundeshoni ndi makonsila ena amasintha mtundu akauma ndi kusakanikirana ndi mafuta a khungu, n'kuderako kapena kufiirira. Mtundu woyenera umaoneka ngati mthunzi wa munthu mwiniyo. Ukamaoneka ngati chinthu chopakidwa, ndiye kuti si umenewo.

Kwa zaka zambiri mitundu yotere inali yovuta kupeza, popeza makampani akuluakulu ankapanga mashedi ochepa a anthu akuda. Ndi chifukwa chake Eunice Johnson anayambitsa Fashion Fair ku Chicago mu 1973, ndipo Iman, wobadwira ku Somalia, anayambitsa kampani yake ya zodzola mu 1994. Rihanna atatulutsa Fenty Beauty mu 2017 ndi mashedi 40 a fawundeshoni, makampani ena ambiri anawonjezera mashedi awo akuda. Komabe munthu safunika kugula chinthu cholembedwa kuti n'cha kontuwa. Fawundeshoni kapena konsila yoderako, kapenanso paudala ya m'zikope ya mtundu wa khofi yosanyezimira, imagwira ntchito yomweyo.

Nanga munthu amene khungu lake ndi lakuda kwambiri moti m'sitolo mulibe choderapo? Kwa iyeyu khungu lake lomwe ndilo mthunzi. Amangowalitsa pakati pa nkhope, m'mbali n'kusiya mmene muliri, ndipo kusiyana kwa mbali ziwirizi kumapanga maonekedwe omwe aja. Kunena zoona, pa khungu lakuda lililonse kuwalitsa kumagwira ntchito yaikulu kuposa kudetsa, ndipo amene ali ndi ndalama yogulira chinthu chimodzi chokha angachite bwino kugula konsila yabwino. Ikhale yowalirapo ndi shedi imodzi kapena awiri, yopendekera ku mtundu wa golide kapena uchi. Yowala kuposa pamenepo imatuwa, ndipo imasiya nkhope yosiyana ndi khosi.

Nkhope imodzi, kuyambira poyamba

Tiyerekeze mtsikana wa khungu loderako, masaya odzaza, chipumi chachifupi ndi chibwano chaching'ono. Akupita ku chinkhoswe cha masana m'mwezi wa Okutobala, kunja kukutentha, ndipo kudzakhala wojambula zithunzi. Ali ndi fawundeshoni ya mtundu wa khungu lake, konsila yowalirapo, kandodo ka kontuwa ka kirimu, siponji, burashi imodzi yofewa ndi paudala. Wakhala moyang'ana zenera kuti kuwala kugwe mofanana mbali zonse ziwiri. Akakhala zenera lili kumbali, tsaya limodzi limakhala kale mumthunzi ndipo adzalidetsa mosiyana ndi linzake.

Wasamba kumaso, wadzola mafuta opepuka n'kudikira kuti alowe, kenako wapaka fawundeshoni yochepa. Tsopano afufuze fupa. Aike chala pa kanyama kolimba kamene kali kutsogolo kwa bowo la khutu, n'kuchiyendetsa pang'onopang'ono kulowera ku tsaya akudina. Adzamva fupa la tsaya lili ngati kamtanda, ndipo kunsi kwake chala chimalowa pofewa. Mthunzi umakhala m'mphepete mwa kunsi kwa fupalo, ngakhale kukwerako pang'ono pa fupa lenilenilo.

Ambiri anaphunzira kuti aziyamwa masaya kuti apeze pokumbika. Pa nkhope yozungulira njira imeneyi imasocheretsa. Masaya akayamwidwa, dzenje limaoneka m'munsi kwambiri, kufupi ndi pakamwa, ndipo akawamasula mthunziwo umatsala pansi n'kukokera nkhope yonse m'munsi. Chala ndicho chimanena zoona.

Mzere uyambire pamwamba pa kanyama ka khutu kaja n'kuloza ku ngodya ya pakamwa, koma usakafikeko. Ulekezere pamene pangagwe mzere wotsika kuchokera ku ngodya yakunja ya diso. Ukapitirira kwambiri, usadutse pansi pa mboni ya diso munthu atayang'ana kutsogolo. Kupendekeka kwa mzerewu ndiko kumasiyanitsa nkhope yozungulira ndi yaitali. Pa nkhope yaitali amaugoneka mopingasa kuti nkhope ioneke yotakatako. Pa yozungulira umayenera kutsetsereka, chifukwa diso la woonayo limatsata mzere: wopingasa umalitengera m'mbali, wotsetsereka umalitengera m'mwamba ndi m'munsi. Mperekezi wa pa zithunzi za ukwati uja anapatsidwa mzere wa nkhope yaitali.

Sikuti ajambule mzere wathunthu. Madontho atatu akukwana, lililonse losaposa kambewu ka mpunga, lalikulu kufupi ndi khutu, laling'ono kwambiri kutsogolo. Mthunzi weniweni umadera kwambiri kukhutu n'kumazilala polowera pakati pa nkhope. Kuwonjezera n'kosavuta, koma kuchotsa kumafuna kuyambiranso.

Kusalaza ndi kumene kumatenga nthawi yaitali kuposa china chilichonse. Siponji ainyowetse n'kuifinya mpaka isamadonthe, chifukwa youma imamwa zodzolazo n'kusiya mabala. Asakhule, koma azidindadinda, ndipo azipita m'mwamba, kulowera ku khutu ndi ku tsitsi. Mphepete ya m'mwamba mwa mthunzi isungunuke mpaka isaoneke pamene yathera, pamene ya m'munsi ikhoza kutsala yooneka pang'ono, popeza imeneyo ndi imene imaonetsa kuti pali fupa. Kusalazira m'munsi n'kumene kumadetsa kunsi konse kwa tsaya, ndipo pachithunzi pamaoneka ngati pali ndevu zongoyamba kumera.

Chotsatira ndi chipumi. Zithunzi zambiri zophunzitsira zimaonetsa mthunzi utazungulira mphepete yonse ya tsitsi, kuyambira mbali ina kufika inzake. Zimenezo n'zofupikitsira chipumi chachitali. Mtsikana wathuyu chipumi chake n'chachifupi kale, ndipo akadetsa pamwamba pake nkhope idzafupika n'kuzungulira kwambiri. Iye adetse m'mbali mokha, kuyambira pa litsipa, paja pali pakati pa nsonga ya nsidze ndi tsitsi, kukwera pang'ono m'ngodya za chipumi, n'kusalazira m'tsitsi kuti pasatsale kamzere kowala pakati pa zodzola ndi tsitsi. Pakati pa chipumi pasakhudzidwe.

Pa nsagwada, mthunzi umayambira kunsi kwa khutu n'kutsata fupa, koma kunsi kwake, osati pamwamba. Ulekezere chibwano chisanafike, ndipo usalazidwe kutsikira m'khosi. Awa ndi malo okhawo amene kusalazira m'munsi n'koyenera. Chibwano chenichenicho chisadetsedwe, chifukwa ndicho chikufunika kutulukira kuti nkhope italike.

Kuwala kumatsata mzere woongoka pakati pa nkhope. Kadontho ka konsila pakati pa chipumi, kosalazidwa chokwera osati chotambalala. Kamzere kowonda pamsana pa mphuno, kolekezera nsonga isanafike. Kadontho kena pakati pa chibwano. Malo atatuwa akawala, diso la woona limayenda kuchokera m'mwamba kutsika m'munsi, ndipo nkhope imaoneka yotalikirapo.

Kunsi kwa maso ndi kumene kumafuna kusamala kwambiri. Njira yotchuka ndi kujambula chinthu cha ngodya zitatu chachikulu, chochokera kunsi kwa diso kukafika m'mbali mwa mphuno ndi kutambalala mpaka kukhutu. Pa nkhope yozungulira chimenechi chimawalitsa malo otakata kwambiri a nkhope yonse, ndiye kuti chikuwatulutsira kutsogolo malo omwe amafunika kubwerera m'mbuyo. Mtsikanayu aike konsila pang'ono kungodya yamkati ya diso kutsikira m'mbali mwa mphuno, ndi kamzere kena kochokera kungodya yakunja ya diso kopendekera m'mwamba kuloza ku litsipa. Pakati pa tsaya, paja pamatukuka munthu akamwetulira, pasalandire konsila yowala. Wofuna kuti fupa la tsaya lioneke lakuthwa akhoza kuikanso kamzere kowonda ka konsila kunsi kwenikweni kwa mthunzi wa pa tsaya, kotsata kupendekeka komweko. Njira imeneyi imathandiza makamaka a khungu lakuda kwambiri aja amene sanapeze chodetsera.

Zofiiritsa masaya nazonso zisaikidwe potukuka paja. Ziikidwe pamwamba pa mthunzi, cha kumbuyo, n'kusalazidwa kuloza ku litsipa. Pa khungu lakuda mitundu yozama, monga ya njerwa yowotcha kapena yofiira moderako, ndi imene imaoneka, pamene pinki wowala amatuwa. Zonyezimira, ngati akuzifuna, zikhale kadontho pansonga pa fupa la tsaya cha kukhutu, za mtundu wa golide kapena mkuwa, osati za siliva. Tsiku lotentha ngati ili akhoza kuzisiya, popeza thukuta lidzabweretsa kunyezimira kokwanira.

Mphuno ambiri amaidetsa m'mbali mwa chizolowezi chabe. Nkhope yozungulira siifuna zimenezo kuti ioneke ndi mafupa, ndipo mizere iwiri ya pa mphuno ndi imene imayamba kuonekera pa dzuwa. Kamzere kowala ka pamsana pake n'kokwanira.

Kutentha, thukuta ndi kuwala kwa kamera

Kirimu yosatsekedwa ndi paudala imayenda munthu akatuluka thukuta, ndipo mthunzi umene unali pa fupa m'mawa umapezeka utatsikira pa tsaya masana. Dongosolo lake ndi lakuti zonse za kirimu ndi zamadzi zithe kaye, paudala ibwere pomaliza. Kirimu yopakidwa pamwamba pa paudala imagwirana m'timibulu ndipo siisalazika. Mtsikana wathu adinde paudala yochepa kunsi kwa maso, pachipumi, pamphuno ndi pachibwano, kenako adutsitse burashi ya paudala yoderako pamwamba pa mithunzi ija kuti ikhazikike. Amene khungu lake limatulutsa mafuta ambiri, kapena amene amakhala kumalo otentha ngati Nsanje, Chikwawa ndi m'mbali mwa nyanja, angachite bwino kugwiritsa ntchito fawundeshoni yochepa kwambiri n'kupanga kontuwa yonse ndi paudala. Wa khungu louma, kapena amene wayamba makwinya, kirimu ndi imene imamukhala bwino, chifukwa paudala yambiri imalowa m'makwinya n'kuwaonetsa.

Thukuta likabwera, tishu aigunditse pankhope n'kuichotsa, osapukuta. Kuthira paudala ina pamwamba pa thukuta n'kumene kumapangitsa nkhope kuphathika.

Kuyera kwa mbuu kumene kumaoneka pa zithunzi zokha kuli ndi chifukwa chake. Mapaudala ena oyera, makamaka amene ali ndi silika wambiri, saoneka ndi maso koma amabweza kuwala kwa fulashi ya kamera. Pa khungu lakuda zimenezi zimaonekera kwambiri. Paudala yokhala ndi mtundu woyandikana ndi khungu, kapena yachikasu pang'ono, imachepetsa vutoli, ndipo yotsalira iyenera kusesedwa ndi burashi. Pali njira ina yotchuka younjika paudala kunsi kwa maso n'kuisiya mphindi zingapo isanasesedwe. Inachokera kwa ochita zionetsero pa siteji, ndipo pa nkhope ya masana kawirikawiri imaposa muyeso.

Asanatuluke m'nyumba, mtsikanayu adziyese m'njira zitatu zosavuta. Aime patali ndi galasi pafupifupi mita imodzi: ngati akutha kuloza pamene mthunzi wayambira ndi pamene wathera, kusalaza sikunathe. Atembenukire kumbali ndi kagalasi kachiwiri, chifukwa anthu ambiri pa chinkhoswe adzamuona cham'mbali, ndipo kutsogolo kwa khutu ndi kunsi kwa nsagwada ndi kumene kumatsalira mizere. Pomaliza wina amujambule ndi fulashi m'chipinda chamdima pang'ono. Mthunzi ukapezeka kuti wachuluka, safunika kusamba. Siponji imene ili ndi fawundeshoni yotsalira, ikadindidwa m'mphepete mwa mthunziwo, imauchepetsa.

Zizindikiro zina zimaloza ku mtundu osati ku malo. Mthunzi wooneka ngati dothi ndiye kuti mtundu wake watuwa kwambiri kapena zodzola zasakanikirana mopitirira muyeso. Wooneka wa olenji ndiye kuti chimene wagwiritsa ntchito ndi buronza, paudala yopangidwira kuonetsa khungu ngati lawombedwa ndi dzuwa, imene malo ake ndi pamwamba pa mafupa osati kunsi kwake.

Pamene kontuwa imalekezera

Kontuwa imagwira bwino munthu akamaonedwa kutsogolo, kuwala kuli kofewa. Akatembenuka, kapena dzuwa likamuwomba cham'mbali, mithunzi yeniyeni ya nkhope imaposa yopaka ija. N'chifukwa chake yochepa imapambana yambiri: yochepa ikalephera siioneka, yambiri ikalephera imaoneka ngati utoto. Siingachotse mnofu wa kunsi kwa chibwano, ingangouchepetsa maonekedwe pa chithunzi cha kutsogolo.

Kuwalitsa kwa hayilaiti sikugwirizana n'komwe ndi mafuta oyeretsa khungu. Konsila imakhala pamwamba pa khungu ndipo imachoka ndi sopo madzulo. Mafuta oyeretsa, amene ena mwa iwo amakhala ndi mekyule kapena mankhwala amphamvu a siteroidi, amalowa m'khungu n'kuliwononga, ndipo khungu lopyapyala ndi la mawangamawanga limene amasiya ndi lovuta kwambiri kuliphoda.

Ukhondo nawo sungasiyidwe, makamaka pa maukwati pamene munthu mmodzi amaphoda aperekezi ambiri motsatizana. Siponji yonyowa imasunga tizilombo, ndipo ikayenda nkhope zingapo imatha kufalitsa ziphuphu ndi matenda a maso. Aliyense abwere ndi yake, ndipo kandodo ka kontuwa kasagunde khungu la munthu aliyense: wophodayo azitapa pang'ono n'kuika kuseri kwa dzanja lake losamba kapena pa kambale koyera. Siponji ichapidwe ndi sopo ikangogwira ntchito n'kuumitsidwa pamalo opita mphepo, maburashi achapidwe kamodzi pa sabata.

Zinthu zina zozungulira nkhope zimathandiza kapena kuwononga ntchito yonseyi. Nsidze zojambulidwa ndi kangodya kokwera cha kunsonga zimatalikitsa nkhope, pamene zokhota mozungulira zimabwereza kuzungulira kwake. Ndolo zazitali zolendewera zimatsata mzere wotsika uja, pamene zazikulu zozungulira zimawonjezera kutakata pa masaya penipeni. Duku lomangidwa mokwera pamwamba pa mutu, kapena tsitsi lomangidwa pamwamba, limawonjezera kutalika kumene konsila ya pachipumi inayamba. Wigi yodulidwa molekezera pa masaya, kapena yokhala ndi tsitsi lophimba chipumi chonse mopingasa, imabweza nkhope ku kuzungulira kumene mwiniwake amafuna kuchepetsa, choncho amene akukonzekera chinkhoswe asankhe tsitsi ndi ndolo kaye asanayambe kuyeserera kontuwa yake.